Omasulira anayi, buku limodzi la mapampu: konzani mndandanda wa mawu asanayambe Chiviyetinamu

*Ndimagwira ntchito pakampani yopanga mapampu a m'mafakitale. Buku lathu la malangizo oikira ndi kukonzera mapampuwa, la masamba 600, likufunika kumasuliridwa kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chiviyetinamu, chifukwa makina akupita kufakitale ina kufupi ndi mzinda wa Ho Chi Minh. Tapeza omasulira anayi, awiri ku Hanoi, awiri ku Ho Chi Minh, ndipo tili ndi masabata asanu ndi atatu. Abwana akuti aliyense angotenga masamba 150 ayambe Lolemba. Ine ndikufuna tiyambe takonza mndandanda wa mawu, koma Chiviyetinamu sindichidziwa. Ndiyambire pati, nanga ndidzadziwa bwanji kuti anayiwo akulemba zofanana?*

Musalole kuti ayambe Lolemba. Nthawi yokonzera mndandanda muli nayo, ndipo abwanawo mukhoza kuwaonetsa ndi masamu. Tingoyerekeza kuti buku lanu, poti ladzaza zithunzi ndi matebulo, lili ndi mawu 120,000. Werengani lanulo kuti mudziwe nambala yeniyeni. Womasulira wozolowera mabuku a makina amamaliza mawu pafupifupi 2,000 patsiku, ndiye anthu anayi akhoza kulitsiriza m'masiku 15 ogwira ntchito. Apatseni masabata anayi kuti asapanikizike. Masabata awiri oyamba apite ku mndandanda, awiri omaliza apite kwa wowunika, ndipo zonse zakwana mu asanu ndi atatu aja. Mukalumpha awiri oyambawo, ntchito yake idzakudikirani kumapeto, pamene wowunika adzakhale akusaka mayina anayi a chitsulo chimodzi m'buku lonse, nthawi itatha kale.

Nkhani yagona apa: mzere uliwonse wa mndandanda wanu uimire chinthu chimodzi chogwirika pamakinapo, osati liwu limodzi la Chingerezi. Anthu ambiri amatenga pulogalamu yowerenga mawu obwerezabwereza, n'kutulutsa mawu 2,000, n'kupempha womasulira kuti alembe la Chiviyetinamu pambali pa lililonse. Mndandanda wotere ndi wautali koma suthandiza, chifukwa amene analemba buku la Chingerezi nawonso sanali kutchula zinthu mofanana, ndipo liwu limodzi ankalitchulira zinthu zingapo.

Titenge liwu lakuti `seal`, lomwe m'buku la mapampu limapezeka pafupifupi mutu uliwonse. Pali silo imene imatchinga madzi pomwe shafiti ikutulukira m'thupi la pampu, ya nkhope ziwiri zosalala zokhudzana, ina yozungulira ina yoima. Imeneyo ndi `mechanical seal`, ndipo ku Viyetinamu amati `phớt cơ khí`. Pali silo ina ya labala, yokhala ndi mlomo, imene imaletsa oyilo kutuluka m'nyumba ya maberingi, `oil seal`, yomwe ndi `phớt chắn dầu`. Pali kamphete ka labala kokhala mumpata, `O-ring`, komanso gasiketi yafulati ya pakati pa zitsulo ziwiri zomangidwa ndi mabawuti. Ndiye pali `seal` wotanthauza kutseka kuti pasadonthe, `làm kín`, ndi `seal` wa chidindo choletsa munthu kutsegula bokosi, `niêm phong`. Injiniya wolemba buku akatchula dzina lonse kamodzi kumayambiriro kwa mutu, kutsogoloko amangoti `seal`, poganiza kuti wowerenga akudziwa. Womasulira amene wapatsidwa masamba 301 mpaka 450 chiyambi chija sanachione. Akakumana ndi `Replace the seal every 4,000 hours` asankha yekha, ndipo akasankha silo ya oyilo pomwe buku limanena ya pashafiti, fitala wa kufakitale adzasintha chinthu chabwinobwino n'kusiya chimene chatha.

N'chifukwa chake poyambira penipeni ndi chithunzi cha pampu yophwasulidwa ndi mndandanda wa masipeyala, osati ziganizo za m'buku. Chilichonse chokhala ndi nambala pachithunzipo chipeze mzere wakewake, ndipo nambalayo ilembedwe pamzerewo. Mukatero, pitani kwa injiniya wa kampani yanu ndi malo onse pomwe `seal` waima yekha, iye anene kuti ndi silo iti. Ngati mungathe, konzani Chingerezicho musanachitumize. Ngati ndi chosaloledwa kusintha, lembani ndemanga pa chiganizo chilichonse chotere. Ntchito imeneyi ndi yanu ndendende, ndipo sifuna Chiviyetinamu ngakhale pang'ono. Chitani chimodzimodzi ndi mawu ena osokoneza a m'mapampu, monga `head`, amene nthawi zina ndi kutalika kumene pampu ingakankhe madzi, `cột áp`, pomwe nthawi zina ndi mutu wa bawuti.

Vuto lina limayenda chobwerera, ndipo ine ndimaliopa kuposa loyambalo. Zinthu ziwiri zosiyana zikhoza kugwera pa dzina limodzi la Chiviyetinamu. Mawu akuti `vòng đệm` omasulira ena amatchulira washa wa pansi pa nati, ena gasiketi, ena `O-ring`, ndipo palibe amene walakwitsa chinenero. Koma m'buku limodzi, chiganizo chakuti `vòng đệm` asagwiritsidwenso ntchito kachiwiri chimasiya fitala osadziwa ngati akutaya mawasha kapena gasiketi. Ichi mukhoza kuchigwira nokha. Mndandanda ukadzazidwa, usanjeni mu Excel potsata danga la Chiviyetinamu, muone dzina lililonse lomwe laoneka pa mizere iwiri. Mukalipeza, funsani womasulira wamkulu, amene mwamusankha kuti atsogolere anzake, ngati zinthuzo zilidi chimodzi. Ngati si chimodzi, china chipatsidwe dzina lina. Mizere yanu izioneka chonchi, ndipo manambalawo mutenge a pachithunzi chanu:

```
mechanical seal	phớt cơ khí	pos. 433; NOT phốt
oil seal	phớt chắn dầu	pos. 421
O-ring	gioăng chữ O	pos. 412
gasket	gioăng phẳng	pos. 400; NOT vòng đệm, ron
washer	vòng đệm	pos. 554; NOT long đền
ball bearing	vòng bi	pos. 321; NOT bạc đạn
```

Madanga atatu olekanitsidwa ndi `Tab` amenewa pulogalamu yaulere ya omasulira ya OmegaT imawawerenga momwe alili. M'mapulogalamu ena a omasulira monga memoQ kapena Trados, mawu oletsedwawo amalowetsedwa paokha n'kuikidwa chizindikiro chakuti ndi oletsedwa, kuti pulogalamu izichenjeza womasulira akawalemba. Danga la mawu oletsedwali musalipeputse. Womasulira sayang'ana mndandanda pa liwu lomwe akulidziwa kale bwino. Amangolemba la kwawo. Chomugwira ndi chenjezo lotuluka pakompyuta.

Tsopano za Hanoi ndi Ho Chi Minh. Gulu lanu lagawanika pomwe chinenerocho chimagawanikira: Hanoi ali kumpoto, Ho Chi Minh ali kummwera. Kumpoto beringi amati `vòng bi`, kummwera m'magalaja ndi m'masitolo a masipeyala amati `bạc đạn`, ndipo mabuku a kusukulu ya uinjiniya amalemba `ổ bi` kapena `ổ lăn`. Gasiketi kumpoto ndi `gioăng`, kummwera ndi `ron`. Oyilo wa makina ena amati `dầu`, kummwera amakonda `nhớt`. Mawu ambiri a amakaniko anachokera ku Chifalansa nthawi ya atsamunda, monga `bu lông` wa bawuti ndi `long đền` wa washa, ndipo amakhala ndi anzawo a m'mabuku. Choncho chinthu chimodzi chikhoza kukhala ndi mayina atatu, onse olondola. Omasulira anayiwo mukawasiya kuti agwirizane okha, mkanganowo sutha, chifukwa aliyense akunena zoona.

Wodula mlandu akhale injiniya woyang'anira zokonza makina kufakitale komwe bukulo likupita. Mupempheni zinthu ziwiri asanaone mndandanda: mndandanda wa masipeyala wa kusitolo yawo, ndi buku limodzi la Chiviyetinamu la makina ena lomwe anyamata ake amagwiritsadi ntchito. Dzina lomwe fitala amalemba papepala poitanitsa sipeyala ndilo liyenera kupezeka m'buku lanu. Pa beringi, ine ndingalangize `vòng bi` m'buku lonse, chifukwa ndi lodziwika dziko lonse ndipo limapezeka m'makatalogu a ogulitsa, kenaka `bạc đạn` aoneke kamodzi kokha pambali pake mu mndandanda wa masipeyala. Koma injiniyayo akati kwawo n'zosiyana, mverani iye. Chenjerani chinthu chimodzi: `bi` ndi timipira tachitsulo tija. Ngati pampu ina ili ndi beringi yopanda timipira, yomwe shafiti imangotsetsereka m'kati mwake, imeneyo ndi `ổ trượt` kapena `bạc lót`, ndipo ikufuna mzere wake. Mzere umodzi wongoti `bearing` ndi `vòng bi` ungachititse kuti onse anayi alakwitse mofanana, ndipo pulogalamu yowunika idzavomereza cholakwikacho. Nambala ya beringi, monga `6309 C3`, simasuliridwa ndipo sisinthidwa.

Injiniya wa kufakitale ndi munthu wotanganidwa. Mukamutumizira mizere 400 adzayankha kuti zonse zili bwino asanawerenge. Womasulira wamkulu adzaze mndandanda wonse, pogwiritsa ntchito miyezo ya dzikolo yotchedwa TCVN pomwe ilipo. Mwachitsanzo mawu a zamagetsi ali mu TCVN 8095, yomwe imatsatira muyezo wa padziko lonse wa IEC 60050. Kwa injiniya kupite mizere 60 kapena 80 yokha yomwe pali kusiyana maganizo, uliwonse ndi chithunzi cha chinthucho, chiganizo chimodzi cha m'buku, ndi mayina awiri kapena atatu oti asankhepo. Mupatseni masiku atatu, ndipo konzani zoti womasulira wamkulu akambirane naye pafoni kwa ola limodzi, m'Chiviyetinamu, pa mizere yotsalira.

Pali mawu ena ochepa amene si mayina a zitsulo koma ayenera kukhala pamwamba penipeni pa mndandanda. Mabuku ambiri a makina amatsatira magawo anayi a chenjezo. `DANGER` ndi ngozi yomwe ipha kapena kuvulaza koopsa ikapanda kupewedwa, `WARNING` ndi yomwe ikhoza kutero, `CAUTION` ndi ya kuvulala kocheperako, ndipo `NOTICE` ndi ya zinthu monga kuwonongeka kwa makina, osati kuvulala kwa munthu. Awiri oyamba savuta: `NGUY HIỂM` ndi `CẢNH BÁO`. Chisokonezo chimabwera pa awiri otsalawo, chifukwa `CHÚ Ý` wina amamuika pa `CAUTION`, wina pa `NOTICE`, wina pa kandemanga wamba. Sankhani `THẬN TRỌNG` pa `CAUTION`, `LƯU Ý` pa `NOTICE`, `GHI CHÚ` pa kandemanga, ndipo `CHÚ Ý` aletsedwe ngati mutu wa chenjezo. Ngati zomata za pamakina zasindikizidwa kale m'Chiviyetinamu, buku litsatire zomatazo. Momwemonso `shall` ndi `must` akhale `phải`, `should` akhale `nên`, `shall not` akhale `không được`. Womasulira wofuna kulemba mwaulemu amafewetsa `phải` kukhala `nên`, ndipo lamulo lakuti magetsi azimitsidwe musanatsegule chivundikiro limasanduka malangizo oti munthu akhoza kuwatsata kapena ayi.

Manambala nawo akufuna lamulo lolembedwa. Ku Viyetinamu chizindikiro cha koma ndicho chimalekanitsa nambala yathunthu ndi tizigawo take, ndipo kadontho kamalekanitsa masauzande, mosemphana ndi Chingerezi. Liwiro la `1,450 rpm` likasiyidwa momwe lilili liwerengedwa ngati kuzungulira kamodzi ndi theka kosakwana; liyenera kukhala `1.450 vòng/phút` kapena `1450 vòng/phút`. Mpata wa `0.125 mm` ukhale `0,125 mm`. Choopsa kwambiri ndi nambala ngati `1.250 mm`, yomwe m'Chingerezi ndi milimita imodzi ndi kota koma kwa wowerenga wa ku Viyetinamu ndi mamilimita 1250. Ine ndimakonda kuti masauzande alembedwe opanda chizindikiro chilichonse, kuti kadontho kasaonekenso m'miyeso. Koma musasinthe madontho onse kamodzin'kamodzi ndi kompyuta, chifukwa manambala a mitu monga `5.2.1` ndi manambala a masipeyala ayenera kukhala momwe alili. Papepala lomwelo lembaninso ngati mabatani a pamakina, monga `RESET`, akusiyidwa m'Chingerezi. Ngati batanilo pachitsulo lalembedwa m'Chingerezi, m'buku lioneke chimodzimodzi.

Chinthu china chimene chimadabwitsa oyang'anira ntchito osadziwa chinenerochi ndi chakuti mawu awiri akhoza kuoneka ofanana pamaso koma kompyuta n'kumawaona osiyana. Chilembo `ệ` cha mu `đệm` chikhoza kusungidwa ngati chilembo chimodzi, kapena ngati `e` wotsatiridwa ndi tizizindikiro tiwiri, malinga ndi mmene womasulira wakonzera pulogalamu yake yolembera. Zikasakanikirana, kufufuza liwu kumapeza malo ena n'kuphonya ena. Uzani onse kuti mu Unikey, kapena pulogalamu ina yomwe akulembera, asankhe `Unicode dựng sẵn`, osati `Unicode tổ hợp`, ndipo asakhudze zilembo zakale za `TCVN3` kapena `VNI`. Mafayilo akabwera, wa zamakompyuta awadutsitse pa mzere uwu wa Python:

```
import unicodedata; text = unicodedata.normalize("NFC", text)
```

Mzerewu sukonza kusiyana kwa kalembedwe kwenikweni. Mawu a makina oyendera mphamvu ya oyilo ena amalemba `thủy lực`, ena `thuỷ lực`, kachizindikiro kali pa chilembo china. Ena amalemba `kỹ thuật`, ena `kĩ thuật`. Kumanga bawuti ena amalemba `siết`, ena `xiết`. Zonsezi zimapezeka m'mabuku osindikizidwa, ndiye musataye nthawi kufunsa cholondola. Sankhani chimodzi, chinacho chilowe m'danga la zoletsedwa.

Mndandanda ukavomerezedwa, musagawe bukulo nthawi yomweyo. Perekani masamba atatu omwewo kwa onse anayi, makamaka a kaphwasulidwe ka silo ya pashafiti, pomwe pali chenjezo, masitepe ndi tebulo la mphamvu yomangira mabawuti. Ikani zomasulira zinayizo m'madanga anayi, chiganizo ndi chiganizo. Ngakhale simukumva chinenerocho, maso anu aona pomwe asiyana: wina akuyamba lamulo lililonse ndi `Hãy`, wina ndi `Vui lòng`, wina akungoyamba ndi mneni, wina akutchula wowerenga kuti `bạn`, wina samutchula. Kusiyana kulikonse kukhale funso kwa womasulira wamkulu, ndipo yankho lilembedwe papepala la malamulo losapitirira masamba awiri. Tsiku limodzi limeneli limaonetsanso amene sakuyang'ana mndandanda n'komwe, nthawi yomuwongolera ikadalipo.

Kenaka womasulira wamkulu amasulire yekha zinthu zimene aliyense adzazifuna: mitu yonse ya m'buku, mndandanda wa masipeyala, machenjezo onse, ndi ziganizo zobwerezedwa m'mitu yambiri. Mitu iyambe chifukwa womasulira wa mutu 9 akalemba kuti onani mutu wakutiwakuti, dzinalo liyenera kufanana ndi lomwe lili pamutupo. Zimenezi zitsekedwe mu pulogalamu kuti ena asazisinthe. Zotsalazo zigawidwe potsata mbali za makina, osati masamba 150 aliyense. Amene watenga masilo atenge kaikidwe kake, kakonzedwe kake ndi zizindikiro za kuwonongeka kwake, ngakhale zili m'mitu itatu yotalikirana. Wa zamagetsi atenge zamagetsi zonse. Onse alumikizidwe ku nkhokwe imodzi ya ziganizo zomasuliridwa, kuti chiganizo chimene wina wamaliza m'mawa mnzake achione masana. Ngati nkhokwe ya pa intaneti palibe, asinthane mafayilo a nkhokweyo a mtundu wa `TMX` madzulo alionse.

Mndandanda ukhale ndi mwini mmodzi. Omasulira azipempha mawu atsopano papepala limodzi la mafunso lomwe onse akuliona, koma wolemba mu mndandanda akhale womasulira wamkulu yekha. Inu ntchito yanu ndi kuonetsetsa kuti funso lisagone masiku awiri losayankhidwa, chifukwa womasulira amene wadikira masiku awiri amasankha yekha n'kupitirira, ndipo safunsanso. Mndandanda utuluke kamodzi patsiku, nthawi yodziwika, ndi nambala yake yatsopano ndi mizere yosinthidwa itapakidwa mtundu.

Lachisanu lililonse sonkhanitsani zonse zomwe zamasuliridwa muzidutsitse mu Xbench kapena m'chowunikira cha pulogalamu yanu. Yang'anani malo omwe liwu la mu mndandanda lili m'Chingerezi koma mnzake wa Chiviyetinamu palibe, malo omwe chiganizo chimodzi chamasuliridwa mitundu iwiri, ndi manambala osagwirizana. Chiviyetinamu chimakuthandizani apa, chifukwa mawu ake sasintha maonekedwe: `vòng bi` ndi `vòng bi` kaya ndi imodzi kaya ndi khumi, choncho chenjezo likatuluka nthawi zambiri pamakhaladi kanthu. Machenjezo abodza amachuluka pa manambala, chifukwa cha koma ndi kadontho kaja, ndiye ikani pulogalamuyo pa Chiviyetinamu isanayambe kuwerenga. Mukaona womasulira mmodzi akuphonya liwu lomwelo kambirimbiri, musangomuuza kuti akonze. Mufunseni chifukwa chake. Kawirikawiri amakhala wapeza chinthu chachiwiri chobisala pansi pa liwu la Chingerezi lomwelo, ndipo mndandanda ndi umene ukufunika mzere wina.

Sabata yachinayi kapena yachisanu injiniya wa kufakitale akhoza kusintha maganizo pa liwu lomwe anavomereza kale. Muuzeni kuyambira pachiyambi kuti kumasulira kukayamba, liwu lidzasinthidwa pokhapokha ngati ndi lolakwika kapena lingadzetse ngozi, osati chifukwa lina likumveka bwino. Likayenera kusinthidwa, asinthe munthu mmodzi, tsiku limodzi, mu mndandanda, mu nkhokwe ndi m'mafayilo onse, ndipo aone malo alionse payekhapayekha. Chifukwa chake n'chakuti Chiviyetinamu chimalembedwa molekanitsa maphatikizo, ndipo phatikizo limodzi limapezeka m'mayina a zinthu zosiyana. Wosintha `bạc` yekha pofuna kuchotsa `bạc đạn` awononganso `bạc lót`, ndipo wosintha `vòng đệm` yense kukhala `gioăng phẳng` asandutsa mawasha onse a m'tebulo la mabawuti kukhala magasiketi. Akamaliza, dutsitsaninso bukulo mu chowunikira chija tsiku lomwelo, omasulira asanapitirize.